Madola 420 ndi meseji imene ndidailemba kanayi

Ndimasoka zovala ku Highfield, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya lendi, ndi makina atatu komanso amayi awiri ondithandiza. Ntchitoyi ndidaitengera kwa malemu bambo anga, amene adachoka ku Dedza ali mnyamata nkudzakalambira kuno ku Harare akupalasa makina pakhonde la sitolo. Adandiphunzitsa kudula kolala, kuika zipi, kuyeza munthu wamimba osamuchititsa manyazi. Kulonjerera ngongole sadandiphunzitse, chifukwa nawonso kunkawavuta. Kabuku kawo ka ngongole tidakapeza m'sutikesi atamwalira, mayina ndandanda, ena a anthu amene adabwera pamaliro nkudya nsima yathu.

Chaka cha 2024 nane ndidatsala pang'ono kutsegula kabuku kangati komweko.

Bambo ena a kumpingo kwathu ali ndi kakampani ka alonda. Ndi munthu wamkulu, anali mnzawo wa bambo anga, ndipo mpaka lero amanditchula kuti "mwana wanga" ngakhale ndili ndi zidzukulu ziwiri. Adandipatsa oda ya mayunifolomu 40, shati ndi thalauzi, pamtengo wa madola 18 imodzi. Zonse pamodzi madola 720. Adapereka dipoziti ya madola 300 yoti ndigulire nsalu, ndipo pa 19 Ogasiti ndidakatula katundu yense ku ofesi kwawo pamodzi ndi invoisi nambala 0147. Pansi pake ndidalemba kuti zotsala, madola 420, zilipidwe pasanathe masiku 14, kutanthauza pofika pa 2 Sepitembala. Mnyamata wa pa ofesipo adawerenga mayunifolomu, nasaina pakope langa kuti alandira 40.

Tsiku la 2 Sepitembala lidafika, lidapita. Foni zii.

Patatha sabata ndidatumiza meseji yoyamba pa WhatsApp. Ndidakali nayo, ndipo ndikaiwerenga ndimadziseka. Ndidati: "Mwadzuka bwanji bambo? Kunyumba ali bwanji amayi? Ndimangofuna ndimve ngati mayunifolomu aja akuwakwana anyamata." Bambowo adayankha mosangalala kuti akuwakwana bwino kwambiri, manja anga ndi a bambo anga enieni, Mulungu andidalitse. Nkhani idathera pomwepo. Ndidakhala pansi kukwiya, kumati mkulu ameneyu akudziwa chimene ndikunena koma akuzemba. Komatu chilungamo chake, ndidafunsa za mayunifolomu ndipo adandiyankha za mayunifolomu. Ndalama sindidazitchule.

Yachiwiri, pa 16 Sepitembala, ndidayesako kulimba mtima. "Pepani kukuvutitsani bambo, ndimati mwina mukapeza mpata mungandiganizireko pa kanthu kaja, zinthu zavutako kuno." Taonani mmene ndidadzipindira. Ndidapepesa ngati ndine wolakwa, ndalama yanga ndidaitcha "kanthu", tsiku lolipira ndidalisandutsa "mukapeza mpata", kenako nkudandaula za mavuto anga ngati ndikupempha chithandizo. Munthu amene walandira meseji yotere akakupatsa madola 20 amaona ngati wakuchitira chifundo. Yankho lidabwera loti, "Osadandaula mwana wanga, tikonza." Liti? Zingati? Sindidafunse, choncho sadanene.

Sikuti ndinali wopusa. Tidaleredwa kuti munthu wamkulu sumuloza chala, ndipo za ndalama umazungulira nazo, iye yekha amve. Kuno ku Harare vutoli limakula chifukwa ife a kwathu tilipo ochepa ndipo timadziwana. Amene uli naye ngongole ndi yemwe adzayendetse mwambo wa maliro kwanu, ndi yemwe mumasonkha naye m'bungwe la maliro, Lamulungu mukhala benchi imodzi. Ukamulankhula mokalipa, mawa Mufakose yense ndi Mbare yemwe amva kuti mwana wa uje alibe mwambo. Ndiye umangomeza mate, uku amayi awiri okuthandiza akudikira malipiro awo, mwininyumba akufuna lendi, magetsi akuzima tsiku lonse moti umasoka usiku.

Chidanditsegula maso ndi zimene zidachitika Lachisanu pa 27 Sepitembala. Ndalama yathu ya ZiG, imene idayamba mu Epulo chaka chomwecho, idagwetsedwa mphamvu tsiku limodzi: dola imodzi ya ku America imene kubanki inali pafupifupi 14 idafika pa 24 ndi kanthu. Ndidatenga pensulo. Bambo aja akanati andilipire mu ZiG powerengera mtengo wa tsiku limene ndidalemba invoisi, akanandipatsa 5,880. Ndalama imeneyo pambuyo pa tsikulo ikanangokwana madola 241 kubanki. Madola pafupifupi 180 akanasungunuka popanda wondibera, ine ndili kalikiliki kufunsa za moyo wa amayi kunyumba. Invoisi yanga inali m'madola, inde, koma sindidalembepo kuti wolipira mu ZiG awerengere mtengo wa tsiku liti. Amene adaona za 2019, pamene lamulo lidati ngongole za madola zisanduke za RTGS, ndalama ya dziko lino ya nthawi imeneyo, imodzi kwa imodzi, amadziwa kuti kuno ngongole ikagonera imatha kudzuka itaonda. Akulu adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Usiku umenewo ndidalemba meseji yachitatu, yamoto. Ndidakumbutsa bambowo za ubwenzi wawo ndi malemu, ndidati ndikakanena kwa abusa, ndidati anthu ena amapemphera mokweza koma kulipira ayi. Mwamwayi foni idathima ndisanatumize. Mmawa ndidaiwerengera mchemwali wanga wamkulu, amene adagwirapo ntchito ya maakaunti ku Graniteside zaka zambiri. Adamvetsera mpaka kumapeto, kenako adandifunsa kuti, "Nanga munthuyu akawerenga, achite chiyani? Mwamutukwana bwino, koma simunamuuze kuti alipire zingati, kuti, liti." Zinali zoona. Meseji yaukali ija inali ndi chilema chofanana ndi zofatsa zija: munalibe nambala ngakhale imodzi. Ndiponso ikanawapatsa bambowo pothawira, chifukwa nkhani ikanasiya kukhala ya madola 420 nkukhala ya mwano wanga, ndipo pa mlandu umenewo wopepesa ndikanakhala ine.

Mchemwali wangayo adandiuzanso kuti ndisanalembe ndiyambe ndafufuza chimene chagwira ndalamayo. Pa zaka zake za mu ofesi, adati, mainvoisi ambiri ochedwa sankachedwa chifukwa cha nkhanza. Ina idasochera m'diroo, ina idalembedwa dzina lolakwika la kampani, ina ilibe nambala ya oda, ina ikudikira siginecha ya bwana amene ali ku Bulawayo. Makampani akuluakulu amafunanso chikalata cha ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, chija amati ITF263, ndipo chikatha ntchito, wa maakaunti amangoika invoisi yako pambali osakuuza. Ndidaimbira mnyamata wa pa ofesi uja, osati kuti akandinenere kwa abwana ake, chifukwa kandimverere adakanena za m'maluwa, koma kungofunsa ngati invoisi 0147 ilipo ndiponso ngati pali cholakwika. Adati ilipo, ili bwinobwino, ili pa tebulo la abwana. Basi ndidadziwa kuti vuto si pepala.

Lolemba pa 7 Okutobala, patatha masabata 5 chidutsire tsiku lolipira, cha m'ma 9 koloko mmawa, ndidatumiza iyi:

"Mwadzuka bwanji bambo. Ndikukhulupirira kuti kunyumba nonse muli bwino.

Ndikulemba za invoisi nambala 0147 ya mayunifolomu 40 amene ndidatula ku ofesi kwanu pa 19 Ogasiti. Mtengo wonse unali madola 720, mudapereka 300, ndipo zatsala ndi madola 420. Tidagwirizana kuti zilipidwa pofika pa 2 Sepitembala, ndiye lero papita masabata 5.

Ndikupempha kuti ndalamayi ilipidwe pofika Lachisanu lino, pa 11 Okutobala. Mutha kupereka pamanja ku shopu, kapena kutumiza pa EcoCash pa nambala ino. Ngati mulipira mu ZiG, tiwerengera mtengo wa kubanki wa tsiku limene mukulipiralo.

Ngati pali chovuta pa katunduyo kapena pa invoisi, kapena simungathe kulipira zonse pakamodzi, chonde ndiuzeni pofika mawa madzulo kuti mupereka zingati Lachisanu ndipo zotsala mudzamaliza tsiku liti. Oda ya majekete mudanena ija ndidzaiyamba ndalamayi ikalowa.

Ndaika pansipa chithunzi cha invoisi ndi pamene adasainira kuti katundu walandiridwa. Zikomo kwambiri bambo."

Ndikufuna ndiime pang'ono pa meseji imeneyi, chifukwa chiganizo chilichonse ndidalimbana nacho.

Moni ndidausiya. Mchemwali wanga ankati ndiuchotse, kuti makalata a mu ofesi salonjerana, koma pamenepo ndidakana. Kulembera munthu wamkulu wa kwathu nkuyamba ndi nambala ya invoisi kuli ngati kulowa m'nyumba mwake osaodira. Koma moniwo ndidaufupikitsa, ndipo sindidauike ngati funso lofuna yankho lalitali, kuopa kuti angayankhe moni wokhawo monga adachitira poyamba. Ulemu wonse uli pamenepo: moni, "bambo", "mu" ndi "inu" paliponse, "chonde", "zikomo". Mawu oti "pepani" mulibe. Ndidawalemba kawiri nkuwafufuta kawiri. Dzanja limangopita lokha, koma ukapepesa pofunsa zako umakhala wauza mnzako kuti kufunsako nkulakwa, ndipo iye akhoza kukukhululukira osakulipira.

Kulimba kwa mesejiyi kuli m'manambala. Sindidanene kuti "mwachedwa kwambiri" kapena "mwandikhumudwitsa". Ndidangoika 19 Ogasiti, 2 Sepitembala, masabata 5, madola 420. Munthu angatsutse kuti sadakukhumudwitse, koma kalendala sangakangane nayo. Ndidalembanso dipoziti ija mwadala, kuti aone kuti zimene adachita bwino sindidaiwale, komanso kuti pasadzakhale zoti "paja ndidakupatsa 350".

Tsiku ndidalitchula ndi dzina ndi nambala yomwe. "Sabata ino" kapena "kumapeto kwa mwezi" ndi mawu otanuka ngati lasitiki. Ndidasankha masiku anayi okha, osati masabata awiri, chifukwa masiku 14 adapatsidwa kale ndipo adawonjezerapo 35 okha. Ukapereka nthawi yaitali pa chikumbutso, ndiye kuti wasuntha wekha tsiku lolipira. Ndipo kutumiza Lolemba mmawa kuli ndi phindu lake: munthu ali ku ofesi, mabanki ndi otsegula. Ndikanatumiza Loweruka usiku tikanakumana ku tchalitchi nkhani ili yaiwisi.

Ndime ya "ngati simungathe kulipira zonse" ndi imene idandivuta kwambiri, chifukwa ndinkaona ngati ndikuwatsegulira khomo lothawira. Koma taganizani za munthu amene alibedi madola 420 lero. Ukamuuza kuti zonse kapena ayi, amasiya kuyankha foni, osati chifukwa cha mwano koma manyazi. Ukamufunsa kuti zingati ndi liti, wamupatsa funso limene angathe kuyankha mutu uli m'mwamba. Ndipo yankho lakelo ndi lamtengo. Timakonda kunena kuti mlandu suola, koma m'malamulo a Zimbabwe ngongole wamba ngati iyi imaola pakatha zaka 3, moti kukhoti wokongolayo akhoza kungonena kuti nthawi idatha. Akavomereza kuti ngongoleyo ilipo, zaka zija zimayambanso kuwerengedwa. Choncho kameseji koti "ndipereka 250 Lachisanu" ndi umboni wolembedwa kuti ndalamayo akuidziwa, ndipo sukufufutidwa mu foni mwanga. Za pakamwa pa khomo la tchalitchi sizisiya mapazi.

Chiopsezo ndidaika chimodzi chokha, chaching'ono, chimene ndikanathadi kuchita: majekete sindiyamba. Ena amakonda kulemba kuti "ndikakumangitsani". Apolisi akuuzani kuti ngongole ya malonda si yawo, mupite kukhoti la milandu ya ndalama, ndipo wokongola wochenjera amazidziwa zimenezi kuposa inu. Ena amaopseza ndi chiwongoladzanja. Ngati simudagwirizane chiwongoladzanja poyamba, chimene lamulo limaika kuno ndi 5 pa 100 iliyonse pachaka. Pa madola 420 kwa masabata 5 ndi madola 2 basi, osakwana ngakhale kombi ya masiku awiri. Khoti la milandu ing'onoing'ono lilipo, ndipo usanapiteko umayamba walemba kalata yofunsa ndalama yako mwalamulo, koma imeneyo ndi sitepe ina, ya patsogolo. Ukatchula khoti mu chikumbutso choyamba cholimba, pa chachiwiri udzatchula chiyani? Za kuika dzina la munthu pa gulu la mpingo kapena pa sitetasi, zimenezo ndidaziona kwa mnzanga wina wophika makeke: ndalama yake adailandira, makasitomala atatu adamuthawa poopa kuti tsiku lina adzakhala iwo.

Timizere tiwiri ta pa WhatsApp tidasanduka tobiriwira nthawi ya 9:20, kusonyeza kuti aiwerenga. Yankho silidabwere. Tsiku lonse ndinkasoka mipendero diso lili pa foni, ndipo kangapo ndidafuna kutumiza kena kofewetsa, kuti "musandimve molakwa bambo". Mmodzi wa amayi ondithandiza aja adandilanda foni nkuiika m'thumba la ulusi. Adachita bwino. Ukatumiza meseji yolimba kenako nkuitsatiza ndi yopepesa, wafufuta yoyamba ija.

Lachiwiri masana bambowo adaimba. Mawu awo anali ouma pang'ono. "Mwana wanga, meseji ija ndaiona. Wayamba kulemba ngati loya." Ndidati, "Ayi bambo, ndangolemba kuti pasakhale kuiwalana." Adakhala chete kanthawi, kenako adamasuka. Sukulu ina imene amailondera inali isanawalipire miyezi iwiri, ndipo itabwera kudzalipira idapereka ZiG imene idawathera m'manja sabata yomwe ija. Alonda awo nawonso ankadikira malipiro. Adati akhoza kupeza 250 Lachisanu, zotsala kumapeto kwa mwezi.

Apa mpamene ndikanagweranso m'dzenje lakale. Nkhani yawo inali yoona, ndidawamvera chisoni, ndipo pakamwa panga panali kale mawu oti "basi bambo, mudzapereka mukapeza". Ndidawameza. Ndidati ndamva, ndipo 250 Lachisanu ndavomera, koma kumapeto kwa mwezi tikunena tsiku liti? Adati pa 25. Titangodula foni ndidalemba: "Zikomo bambo chifukwa choimba. Monga tagwirizana, mupereka madola 250 Lachisanu pa 11 Okutobala, ndipo madola 170 otsala pa 25 Okutobala. Ngati ndalemba molakwika mundikonze." Adayankha ndi liwu limodzi, "Ndi momwemo." Zokambirana pa foni zikapanda kulembedwa chonchi, pakatha sabata aliyense amakumbukira zake.

Pali zizindikiro zimene ndaphunzira kuyang'ana pa mayankho otere. Amene akufunadi kulipira amatchula nambala ndi tsiku, ngakhale zikhale zochepa. Amene akuzemba amayankha ndi madalitso, kapena amatulukira mwadzidzidzi kuti mathalauzi atatu anali othina, patatha masabata asanu ndi awiri anyamata akuwavala. Nchifukwa chake kope losainidwa lija ndi meseji yawo yoyamba yoyamikira ntchito ndidazisunga. Wina amakutumizira chithunzi chosonyeza kuti watumiza ndalama. Musalembe risiti musanaone ndalamayo mu akaunti yanu, chifukwa zithunzi zimapangidwa, ndipo nthawi zina ndalama imabwerera kwa mwini wake.

Lachisanu mnyamata uja adabwera ndi envulopu. Ndidawerenga pamaso pake, ndidabweza pepala limodzi la madola 10 long'ambika pakona, chifukwa kuno ngakhale wogulitsa tomato ku Mbare Musika salilandira, ndipo adandisinthira. Ndidalemba risiti: ndalandira 250 pa invoisi 0147, zatsala 170, tsiku lake 25 Okutobala. Pa 24 ndidatumiza kachikumbutso ka mizere iwiri, moni ndi kunena kuti mawa ndi tsiku lija. Pa 25 sipadabwere kanthu. Pa 28 ndidalembanso, mawu omwe aja, nambala yatsopano, tsiku latsopano. Ndalama idalowa pa EcoCash madzulo a tsiku lomwelo, madola 170 ndendende.

Lamulungu lotsatira tidakumana panja pa tchalitchi. Ndidawapatsa moni monga mwa masiku onse, ndikuwerama pang'ono. Adandigwira dzanja nthawi yaitali, nkunena kwa mkulu wina amene anali pambali pawo kuti, "Uyu bambo ake akanakhala ndi mtima wakewu bwenzi atamanga nyumba ku Dedza." Sindidadziwe ngati kunali kuyamikira kapena kunyogodola. Majekete 25 adabweretsa oda yake mu Novembala. Ndidawauza kuti dipoziti tsopano ndi theka, ndipo pa invoisi pali mzere watsopano wonena za mtengo wa kubanki wa tsiku lolipira. Adavala magalasi, adauwerenga mzerewo kawiri, nasaina.